Chithunzi cha chovala choyalidwa pansalu: pulogalamu ndiilembere mawu ati?

Funso: Ndine telala, ndimasoka ku Kamuzu Road kuno ku Salima. Ndimasirira zithunzi zimene anzathu amaika, chovala atachiyala pansalu, pambali pali nsapato, kachikwama ndi ndolo, zonse zojambulidwa kuchokera pamwamba. Mwana wa mchemwali wanga anandionetsa pulogalamu ya pa foni imene imapanga chithunzi ukailembera mawu. Ndinalemba kuti `beautiful African outfit with accessories on cloth`, koma imangonditulutsira mayi atavala, ndipo nthawi zina maluwa a chitenje amakhala paliponse mpaka pansapato. Ndikufuna ndizionetsa makasitomala a chinkhoswe sitayilo ndisanadule nsalu yawo. Ndilembe chiyani kwenikweni?

Yankho: Mayi, m'mawu anu aja mukusowa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho malo amene wojambula waima. Mapulogalamu amenewa anaphunzitsidwa poonetsedwa zithunzi zambirimbiri, chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza. Zithunzi zimene anthu amazilemba kuti `African outfit` pafupifupi zonse zimakhala za munthu ataimirira, atatchena. Ndiye mukalemba mawu amenewo osanena china, pulogalamu imangotsata njira imene inazolowera. Siinalakwitse, yakupatsani chimene mawuwo amatanthauza nthawi zambiri.

Chithunzi chimene mukufunacho chili ndi dzina lake pakati pa ojambula, ndipo dzinalo ndi limene liyenera kutsegula mawu anu: `flat lay`. Onjezerani `top-down view`, kutanthauza kuti kamera yayang'ana pansi molunjika, ngati mmene mumayang'anira nsalu pa tebulo lodulira. Mawu awiriwa akhale oyambirira, chifukwa m'mapulogalamu ambiri zimene zalembedwa koyambirira zimalemera kuposa za kumapeto. Za chinenero ndinene pomwe pano kuti lembani m'Chingerezi. Chichewa chathu mapulogalamu opanga zithunzi amachimva movutikira, ndipo mawu ngati duku akhoza kungowalumpha. Sikufunika Chingerezi cha ku Chancellor ayi, ziganizo zazifupi zomveka n'zokwanira.

Mwina mukuganiza zongoonjezera kuti `no person`. Nthawi zina zimagwira, makamaka m'mapulogalamu amene umacheza nawo ngati pa WhatsApp, monga Meta AI imene inafika kuno ku Malawi mu 2024. Koma ena mwa mapulogalamuwa akaona mawu akuti `person` amagwira mawu okhawo n'kuiwala `no` uja, munthu n'kubwereranso. Njira yodalirika ndiyo kunena chimene chilipo, kusiya chimene kulibe. Lembani kuti zovalazo ndi `empty garments laid flat`, kutanthauza zopanda munthu m'kati, zogonekedwa. Mapulogalamu ena ali ndi malo akeake olembapo zosafunika. Mu Midjourney mumalemba `--no person, mannequin` kumapeto, ndipo mu Stable Diffusion muli bokosi lotchedwa `negative prompt`. Ngati yanuyo ilibe zimenezi musadandaule nazo.

Tsopano chovalacho. Apa ndi pamene inu mukuposa achinyamata onse amene amaseweretsa mapulogalamuwa, chifukwa mumadziwa kuti chovala chimapangidwa ndi zidutswa zingati. Kasitomala akabwera n'kungoti "mundisokere yabwino," simuyamba kudula. Mumamufunsa kuti manja afike pati, khosi likhale lotani, siketi ithere m'mawondo kapena m'mapazi. Mawu akuti `beautiful outfit` ndi "yabwino" yemweyo. Achotseni, m'malo mwake muike mayankho a mafunso amene mumafunsa tsiku lililonse.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tinene kuti ndi chovala cha mlongo wa mkwati pa chinkhoswe: bulauzi yothina m'chiuno yokhala ndi peplamu, manja ofika pansi pang'ono pa chigongono, khosi lozungulira, ndi siketi yaitali yowongoka. M'Chingerezi cha pulogalamu zimenezi ndi `fitted peplum blouse`, `three-quarter sleeves`, `round neckline` ndi `long pencil skirt`. Mawu amenewa mumawaona kale m'makatalogi a masitayilo, ndipo pulogalamu imawadziwa bwino chifukwa ogulitsa zovala pa intaneti amalemba omwewa. Nenaninso kuti ndi `two-piece`. Mukapanda kutero, kawirikawiri bulauzi ndi siketi zimalumikizika n'kukhala diresi imodzi.

Mawu akuti `chitenje` pawokha ndi ofooka kwa pulogalamu. Nsalu yomweyi kwina amaitcha `kitenge`, ku Nigeria ndi maiko oyandikana nawo amati `ankara`, ndipo dzina limene limamveka kulikonse ndi `African wax print`. Gwiritsani limeneli. Koma musalekere pomwepo, chifukwa ikasiyidwa yokha imasankha mitundu yonse ya utawaleza n'kuithira pamodzi. Iuzeni mitundu iwiri, ikachuluka itatu, ndi maonekedwe a maluwawo. M'chitsanzo chathu tinene nsalu ya buluu woderako yokhala ndi mabwalo akuluakulu achikasu. Ndimakonda kulangiza maluwa akuluakulu pachifukwa chakuti timaluwa tating'ono tothithikana pulogalamu imatisokoneza, timayamba bwino paphewa n'kukasanduka phala kumpendero. Mabwalo, masamba akuluakulu ndi mizere zimatuluka zoyera.

Ndifike pa vuto lanu lachiwiri, la maluwa ofika pansapato, chifukwa ndi limene limagonjetsa anthu ambiri. Pulogalamu siwerenga chiganizo mmene inu ndi ine timawerengera, kuti mtundu uwu ndi wa chinthu ichi basi. Mtundu wamphamvu umene wautchula umakonda kudontha n'kugwera pa zinthu zina, ngati chitenje chatsopano chosuluka chimene mwachiviika m'beseni limodzi ndi shati yoyera. Chinthu chilichonse chimene simunachipatse mtundu wakewake chimatenga wa chitenje. Inu munalemba `accessories` ndi `cloth` osanena kuti n'zotani, ndiye zonse zinamwa utoto umodzi.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba, m'chithunzi chonse mukhale chinthu chimodzi chokha cha maluwa, ndicho chovalacho. Zina zonse zikhale za mtundu umodzi wosasakaniza, ndipo muzitchule ndi mawu akuti `plain` kapena `solid`. Achiwiri, chinthu chilichonse chikhale ndi chiganizo chakechake, chonena kuti n'chopangidwa ndi chiyani ndipo mtundu wake ndi wotani. Nsapato mukangoti zakuda, maluwa akhoza kulowererabe. Mukati zachikopa chakuda chosalala, mwatseka khomo, chifukwa pulogalamu imadziwa kuti chikopa chotere sichikhala ndi maluwa a chitenje.

Nsalu yoyalapo ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa ndi imene imatenga malo aakulu m'chithunzi. Lamulo lake ndi lomwe mumatsata posankha ulusi woti uoneke: chovala choderako, nsalu yowala, chovala chowala, nsalu yoderako. Pa buluu ndi chikasu chathu ine ndingasankhe nsalu ya thonje yoyererako ngati mkaka, `plain cream cotton cloth`. Yoyera mbee sindiikonda, imaoneka ngati pepala ndipo chithunzi chimataya kufunda. Muiuze kuti nsaluyo yadzaza chithunzi chonse, `filling the whole frame`, apo ayi imakuonjezerani m'mphepete mwa tebulo, simenti kapena bedi lonse ndi mapilo ake. Ndipo muti `ironed smooth`, yositidwa. Ojambula ena amakonda nsalu yamakwinya pang'ono, amati imaoneka yamoyo, koma kwa telala makwinya amanena zina. Kasitomala akawaona amaganiza za mmene chovala chake chidzatulukire m'shopu mwanu.

Zinthu zapambali zisapitirire zinayi. Ndikudziwa kuti pa chinkhoswe munthu amavala zambiri, mkanda, zibangili, wotchi, ndolo, magalasi, koma pulogalamu imavutika kuwerenga, ndipo chinthu chilichonse chimene mwaonjezera ndi mwayi wina wolakwitsa. Sankhani zimene zikuthandiza kasitomala kuona tsiku lakelo: duku, nsapato, kachikwama ka m'manja ndi ndolo. Chilichonse chipatseni malo ake, pamwamba kumanja, pansi kumanzere, ndipo munene kuti pakati pa zinthuzo pali mpata, sizikugundana. Zinthu zikagundana m'chithunzi cha pulogalamu zimasungunukirana, lamba wa chikwama n'kulowa m'chidendene cha nsapato.

Duku ili ndi msampha wakewake. Mukangolemba `headwrap`, pulogalamu imakumbukira kuti duku imakhala pamutu, ndiye imaimanga bwinobwino pamutu wosaoneka, mwinanso n'kubweretsa mutu weniweniwo. Nenani kuti yapindidwa, `folded into a neat rectangle`. Ndipo ngakhale pa chinkhoswe chenicheni duku imakhala ya chitenje chomwecho, poyamba ipangeni yachikasu chokhachokha. Chithunzi chikakhazikika mutha kuyesa ya maluwa.

Zotsala ndi kuwala ndi msinkhu wa chithunzi. Pa kuwala chiganizo chimodzi n'chokwanira: kuwala kofewa kwa masana kochokera kumanzere, mithunzi yopepuka. Kuwala kochokera mbali imodzi ndi kumene kumaonetsa misoko ndi mapindo a peplamu. Kukachokera paliponse chovala chimaoneka ngati chojambula pa pepala. Pa msinkhu, ganizirani kumene mukaike chithunzicho. Cha pa Facebook kapena Instagram chimakhala bwino pa 4:5, kutanthauza magawo anayi m'lifupi ndi asanu m'litali, cha pa sitetasi ya WhatsApp ndi 9:16. Siketi yaitali imafuna chithunzi choimirira. Mukasiya pulogalamu itulutse chofanana mbali zonse, imadula siketi kapena kuifupikitsa mpaka isanduke ya m'mawondo. Zonse pamodzi zikhala chonchi:

```
Flat lay photo, top-down view. Empty garments laid flat on plain
cream cotton cloth, ironed smooth, filling the whole frame.
Two-piece outfit in navy African wax print with large yellow circles:
fitted peplum blouse, three-quarter sleeves, round neckline, placed
above a long pencil skirt. Top right: solid yellow headwrap folded
into a neat rectangle. Middle right: one pair of small gold earrings.
Bottom right: one pair of plain black leather heels. Left: plain black
clutch bag. Space between all items. Soft daylight from the left.
Vertical 4:5.
```

Taonani kuti mulibe `beautiful`, mulibe `amazing`, mulibe `8K`. Mawu otere anthu amawaunjika poganiza kuti akuonjezera ubwino, koma sauza pulogalamu chinthu choti iike pamalo. Ngati mukugwiritsa Midjourney, mzere womalizawo muusinthe ndi `--ar 4:5`. M'mapulogalamu ena msinkhu mumasankha pa batani, ndipo ena amangotulutsa chofanana mbali zonse ngakhale mutalemba bwanji. Ikakhala yotero, lembani kuti siketi yapindidwa pakati, `skirt folded in half`, n'kuiika pambali pa bulauzi m'malo mwa pansi pake.

Musayembekezere kuti ulendo woyamba chituluka changwiro. Mawu omwewo mukawatumiza kanayi mulandira zithunzi zinayi zosiyana, chifukwa pulogalamu imayambira pa mwayi wosiyana ulendo uliwonse. Choncho musanasinthe kalikonse tumizani katatu kapena kanayi, muone vuto limene likubwerezabwereza. Lomwe laoneka kamodzi ndi tsoka chabe. Lomwe laoneka ulendo uliwonse lili m'mawu anu.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndikuthandiza telala wina ku Nkhotakota ndi chovala chofanana ndi ichi. Pa zithunzi zinayi, zitatu zinali ndi bulauzi yotukuka pachifuwa ngati muli munthu wosaoneka m'kati. Tinafufuza n'kupeza kuti mawu akuti `fitted` ndi amene ankakoka thupi. Sitinawachotse, chifukwa bulauziyo imayeneradi kuthina. Tinangoonjezera `completely flat, sleeves spread out to the sides`, manja atatambasulidwa m'mbali, ndipo inagona. Kenako chikwama chinayamba kutuluka cha buluu. Tinasintha chiganizo chake chokha, kuchipanga cha chikopa monga nsapato, basi chinada. Tinkasintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo ndikukupemphani muchite chimodzimodzi. Mukasintha zitatu nthawi imodzi chithunzi n'kukhala bwino, simudziwa chimene chathandiza. Chikaipa simudziwa choti mubweze. Ndi mmene mumakonzera makina akamadumpha sititchi: simusintha singano, ulusi ndi tenshoni nthawi imodzi. Mawu akagwira, asungeni mu foni. Kasitomala wotsatira mudzangosintha mitundu ndi manja, n'kupulumutsa bandulo.

Chithunzi chikakusangalatsani, chikulitseni ndi zala muchiyang'ane ndi diso la utelala, gawo ndi gawo. Manja onse awiri ndi ofanana kutalika? Nsapato ndi yakumanja ndi yakumanzere, kapena zonse ndi za phazi limodzi? Ndolo zili ziwiri? Zimakonda kutuluka zitatu, kapena ziwiri zosafanana. Yang'ananinso ngati pena patulukira zilembo, pakolala kapena m'mphepete mwa nsalu. Pulogalamu imadziwa kuti zitenje zimakhala ndi malemba m'mphepete, ndiye nthawi zina imaikapo zilembo zosawerengeka, ndipo munthu watcheru amazindikira pomwepo.

Koma funso lalikulu, limene inu nokha mungaliyankhe, ndi lakuti chovala chimenechi chingasokeke? Pulogalamu sidziwa kuti nsalu ili ndi mulifupi wake. Imatulutsa bulauzi yothina yopanda madati, yopanda zipi, yopanda msoko ngakhale umodzi, mabwalo achikasu akuyenda osaduka kuchoka pachifuwa mpaka padzanja. Pa chitenje chenicheni inu mukudziwa kuti dzanja limadulidwa palokha, ndipo kuti maluwa akumane pamsoko pamafunika nsalu yoonjezera. Imatulutsanso peplamu yotambalala, yoima yokha, imene pamakina anu ingafune laining'i, chouma cha m'kati ndi nsalu yambiri kuposa imene kasitomala wabweretsa. Chithunzi chotere mukamuonetsa, mwalonjeza chimene zitenje zake ziwiri sizingakwanitse, ndipo mkangano wake udzabwera tsiku lotenga chovala, chinkhoswe chili mawa. Ngati mwaona kuti sichingasokeke, chitayeni ngakhale chikongole bwanji, kapena muonjezere mawu monga `small peplum` ndi `visible seams` kuti chiyandikire ntchito ya manja.

Chinanso n'chakuti maluwa a m'chithunzicho sadzakhala a chitenje cha kasitomala wanu. Mapulogalamu ena amalola kuikamo chithunzi cha nsalu kuti atengereko. Yesani, zimathandiza pa mitundu, ndipo nsaluyo muijambule itayalidwa pamthunzi, yosapindika. Komabe chimene chimatuluka n'chofanana nacho, si chomwecho, mabwalo amasintha kukula ndi kutalikirana. Choncho pomuonetsa muuzeni poyera kuti, "Amayi, ichi ndi chithunzi cha kompyuta, muone kadulidwe kokha, manja ndi khosi. Maluwa adzakhala a nsalu yanuyi." Anthu samakhumudwa ndi zimenezi akauzidwa. Chimene chimawapweteka ndi kuzindikira okha mochedwa. Pachifukwa chomwecho, ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti chithunzi chotere musachiike pa sitetasi ngati ntchito imene mwasoka. Salima ndi yaing'ono, ndipo wina adzabwera kudzafuna kuchigwira ndi manja.

Chovala chikatha kusokedwa, chijambuleni chenichenicho, ndipo mawu aja asanduke pulani yanu yoyalira. Pezani mamita awiri a nsalu yoyererako, muisite, muiyale pakhonde pamene dzuwa silikuomba mwachindunji. Dzuwa lathu la kunyanja kuno ndi laukali, pofika 10 koloko limawalitsa mitundu n'kusiya mithunzi yakuda bii, ndiye jambulani m'mamawa kapena chakumadzulo. Nyengo ya mwera mupanikize ngodya za nsalu ndi miyala kunja kwa chithunzi. Bulauzi pamwamba, siketi pansi pake, duku yopinda kumanja, nsapato kumunsi, monga munalembera muja. Mbali imene kuli mdima muimikeko katoni yoyera kuti ibweze kuwala. Kenako kwerani pa mpando wolimba, wina akugwirireni, mupukute galasi la kamera ndi kansalu, ndipo foni muigwire mogona ndendende pamwamba pa chiuno cha siketi. Ikapendekeka pang'ono, siketi imaoneka yaikulu kumunsi ndipo bulauzi imachepa. Yatsani timizere ta m'kamera, totchedwa `Grid` kapena `Grid lines` m'masetingi, kuti m'mphepete mwa nsalu mulingane nato, ndipo fulashi ikhale yozimitsa.